Kusankha Zithunzi za Chakudya Zoika pa Menyu: Mafunso ndi Mayankho

Ndimajambula chakudya ndi kukonza mamenyu a malesitilanti ang'onoang'ono muno mu Blantyre. Kujambula kwenikweniko sikuvuta kwambiri masiku ano, poti foni iliyonse yabwinoko imatha. Mkangano umabuka tikakhala pansi ndi zithunzi makumi awiri za mbale imodzi ya chambo, aliyense akuloza chake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni malo odyera amandifunsa kawirikawiri pa nthawi imeneyo.

Ndajambula zithunzi zambirimbiri za mbale imodzi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kutaya, kupereka malikisi kubwere pambuyo. Pali zithunzi zimene siziyenera n'komwe kulowa mu mpikisano, ndipo zimadziwika msanga.

Tsegulani chithunzi, muchikulitse ndi zala pamalo pamene pali ndiwo. Ngati khungu la nsomba likuoneka chimbuuzi pamene m'mphepete mwa mbale muli bwinobwino, ndiye kuti kamera inalunjika pa mbale m'malo mwa chakudya. Chimenecho chotsani, chifukwa palibe wokonza zithunzi amene angachibwezeretse. Chotsaninso chilichonse chooneka ntchentche, tsitsi, chala cha woperekera chakudya, mbale yobenthuka kapena msuzi wodonthera patebulo. Chomaliza kuchotsa, ngakhale chikhale chokongola bwanji, ndi chithunzi chimene chikuonetsa mbale yosiyana ndi imene kasitomala adzalandire.

Mukatero, pa zithunzi makumi awiri mumatsala ndi zinayi kapena zisanu. Zimenezo ndiye zoti muzifole poyang'ana zinthu zitatu: mudyo, mtundu ndi kayalidwe.

Pakati pa mudyo, mtundu ndi kayalidwe, chofunika kwambiri n'chiti?

Mudyo. Chithunzi cha pa menyu si chopachika pabalaza. Ntchito yake ndi yoti munthu amene wakhala pansi ndi njala aloze n'kunena kuti, "Mundipatse ichi."

Ine ndimapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa chilichonse mwa zitatuzi, koma sindiziwerengera mofanana. Malikisi a mudyo ndimachulukitsa katatu, a mtundu kawiri, a kayalidwe ndimawasiya momwemo. Chithunzi chopanda banga chingapeze 30. Mawerengedwe amenewa ndi anga, si lamulo la kwina kulikonse, koma chifukwa chake n'chomveka. Kayalidwe kakalakwika, nthawi zambiri mumangodula m'mbali mwa chithunzi n'kukhala bwino. Mtundu ukapotoka pang'ono, umakonzeka pakompyuta. Koma nsomba ikajambulidwa itazizira, mafuta atagwirana, palibe chimene mungachite kupatula kukazinga ina. Ndiye cholakwika chimene sichikonzeka ndi chimene chiyenera kulemera kwambiri pa sikelo.

Mudyo si nkhani ya mtima wa munthu? Mungaupatse bwanji malikisi?

N'zoona kuti wina amakonda mutu wa chambo, wina safuna kuuona n'komwe. Komabe pali zizindikiro zimene diso la Mmalawi aliyense limawerenga lisanaganize, chifukwa takhala tikuyang'ana mbale kuyambira tili ana.

Choyamba ndi kutentha. Nsima yongoomoledwa kumene imakhala yosalala, yonyezimira pang'ono, ndipo mizere ya chipande imaoneka. Ikakhala mphindi zochepa imayamba kuuma pamwamba, kuwala kuja n'kutha. Yochokera mu chotenthetsera chakudya imachita thukuta, timadontho ta madzi tili mbwee. Munthu sangafotokoze chimene chalakwika, koma amadziwa kuti nsima imeneyo si ya pompano. Chimodzimodzi msuzi wa nyama: wotentha umayenderera, wozizira umayala kansalu pamwamba. Tchipisi chotentha chimaima chokha, chozizira chimagona lobodo.

Chachiwiri ndi kuoneka kwa mmene chakudya chidzamvekere m'kamwa. Chambo chokazinga chiyenera kuonetsa khungu lokhakhala, m'mizere yochekedwa muja muli nyama yoyera. Nkhuku yachikuda ioneke kuti yaphikidwa mpaka kulowa msuzi, osati yangoviikidwamo. Mpunga wa Kilombero uoneke njere imodziimodzi, usakhale chibumi. Zonsezi zimaoneka kuwala kukachokera m'mbali kapena chakumbuyo kwa mbale, chifukwa timithunzi ting'onoting'ono ndi timene timaonetsa kukhakhala. Fulashi ya foni imawalitsa kuchokera kutsogolo, imapha timithunzi tonseto, mafuta n'kumangoti waliwali ngati mwathira vanishi.

Chachitatu ndi kuchuluka. Mbale yaikulu yokhala ndi kanthuli kamodzi pakati mwina imakoma m'mahotela akuluakulu, koma kwa munthu amene watuluka mu ofesi ku Ginnery Corner 12 koloko, chithunzi chotero chikumuuza kuti adzuka ndi njala.

Ndiye ndikamapereka malikisi ndimadzifunsa mafunso atatu amenewa: chikutentha? ndikumva mmene chidzakhalire m'kamwa? ndikhuta? Chikayankha onse bwino ndi 5. Chikalephera awiri sichipitirira 2.

Nanga mtundu ndiuyese bwanji? Pafoni yanga zonse zimaoneka bwino.

Ife tili ndi mwayi umene ena alibe: pafupifupi mbale iliyonse ili ndi nsima kapena mpunga, ndipo aliyense amadziwa mtundu wake weniweni. Yang'anani nsima kaye musanayang'ane china chilichonse. Ngati ya ufa woyera ikuoneka yachikasu, chithunzi chonse chapendekera ku chikasu, ndipo masamba aoneka ofota. Ngati ikuoneka yobiriwirako kapena yabuluu, nyama ioneka ngati yagona. Ya mgaiwa ili ndi mtundu wake woderako, musalimbane nayo kuti iyere.

Gwero la vutoli ndi nyale. Mababu amene pabokosi pake palembedwa 2700K amatulutsa kuwala kwachikasu, a 6500K amatulutsa koyera kopita ku buluu, pamene kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500K. Choipa kwambiri ndi kusakaniza: zenera mbali ino, babu lachikasu mbali inayo. Theka la mtanda wa nsima limakhala labuluu, theka lachikasu, ndipo mukakonza mbali imodzi inayo imaipiraipira. Chithunzi chotero chipatseni 1 kapena 2 basi. Pojambula, zimitsani magetsi a m'chipindamo mugwiritse ntchito zenera lokha.

Vuto lina la mbale zathu ndi loti nsima ndi yoyera mbee pamene ndiwo ndi zoderapo. Kamera imavutika kusangalatsa zonse ziwiri. Ikatsata nsomba, nsima imasanduka chibanga choyera chopanda mizere. Ikatsata nsima, nsomba imada bii. Poyesa, onani ngati mukuthabe kuona mizere ya chipande pa nsima komanso mamba kapena khungu pa nsomba. Nsima yoyeretsetsa mpaka kutayika siibwezeka, koma nsomba yoderako pang'ono imatha kuwalitsidwa, choncho pa ziwirizi sankhani chakuderako.

Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala kuno limakhala pamutu penipeni masana, ndipo zithunzi zojambulidwa panja nthawi imeneyo zimagwa pa mayeso onse awiri. Masiku a chiperoni, cha mu Juni ndi Julaye, kuwala kumakhala kofewa, kwabwino kwambiri pa chakudya, kungoti kumapendekera ku buluu pang'ono ndiye muziyang'anitsitsa nsima ija. M'miyezi yozizirayo dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kummwera sililowa dzuwa lachindunji tsiku lonse.

Pomaliza onani ngati m'mbalemo muli kusiyana kwa mitundu. Nsima, nyemba ndi nyama yofiirira pa mbale yabulawuni, pa tebulo la thabwa, zonse zimamira pamodzi. Nkhwani wobiriwira, tomato wofiira kapena kambuzi mmodzi pambali zimadzutsa chithunzi. Koma zikhale zinthu zimene mumaperekadi.

Kayalidwe ndiye chiyani kwenikweni?

Ndi kumene diso limayambira ndi kumene limapita. Tsinzinani pang'ono mukuyang'ana chithunzi. Chimene chikuonekabe ndicho mwini chithunzi. Chikakhala nsomba, zili bwino. Chikakhala botolo la zoziziritsa kukhosi kapena maluwa a pachitenje chimene mwayala, kayalidwe kalephera. Pa mbale ya nsima, ndiwo ndiye zikhale kutsogolo, chifukwa munthu amagula ndiwo, nsima amaidziwa kale.

Mbali yojambulira imatsata msinkhu wa chakudya. Zosanjikizana ngati baga zimafuna kamera yotsika, yofanana ndi tebulo. Zafulati ngati pitsa zimakoma kuchokera pamwamba. Nsima ndi ndiwo zimakoma mukajambula mopendeka, monga mmene munthu amaonera atakhala pampando. Mukaijambula kuchokera pamwamba penipeni, mitanda imasanduka mabwalo oyera opanda msinkhu. Musayandikitsenso foni kwambiri, chifukwa mbale imapindika, cham'fupi n'kukula mopitirira. Bwererani m'mbuyo pang'ono mudine 2x.

Tapatseni chitsanzo chenicheni cha mmene mumawerengera.

Pa lesitilanti ina ku Limbe tinkasankha chithunzi cha chambo chokazinga, nsima ndi nkhwani wotendera, choti chikhale pamwamba pa tsamba loyamba. Titataya zosayenera tinatsala ndi zinayi.

Choyamba chinajambulidwa kuchokera pamwamba, pa chitenje chokongola, mbale zitatu zitayalidwa mwadongosolo, ndimu pambali. Mwini malo anachikonda kwambiri, ndipo kunena zoona chinali chooneka bwino kuposa zonse. Kungoti kuyala kuja kunatenga nthawi, ndiye nsomba inali itazizira, khungu litafwifwa, nsima itauma pamwamba. Mudyo tinapereka 2, mtundu 5, kayalidwe 5. Kuwerengera kwake: 6 kuphatikiza 10 kuphatikiza 5, zonse 21.

Chachiwiri chinajambulidwa mofulumira mbale itangofika, pafupi ndi zenera, mopendeka. Khungu la nsomba linali lonyezimira, mbali imodzi itabenthulidwa nyama yoyera ikuoneka, kanthunzi kakukwera pa nsima. Koma mbale inali yopendama, kumbuyo kukuoneka theka la jagi ya pulasitiki yobiriwira. Mudyo 5, mtundu 4, kayalidwe 2. Ndiye 15, 8 ndi 2, zonse 25.

Chachitatu chinali cha madzulo, pansi pa babu lachikasu. Chakudya chinali chotentha, choyalidwa bwino, koma nsima inkaoneka ngati ya chimanga chachikasu ndipo nkhwani anali ngati wa dzulo. Mudyo 4, mtundu 2, kayalidwe 4, zonse 20.

Chachinayi chinali cha pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo. Nsima inangoti mbee yopanda mzere, mthunzi wa nsomba uli bii. Mudyo 3, mtundu 2, kayalidwe 4, zonse 17.

Onani chimene chikanachitika tikanangophatikiza osachulukitsa: choyamba chikanapeza 12, chachiwiri 11, ndipo nsomba yozizira ikanakhala pachikuto cha menyu. Chachiwiri chija tinangochiwongola, n'kudula pamwamba kuti jagi ichoke. Inali ntchito ya mphindi zisanu.

Pa malo achiwiri panali 21 ndi 20. Kusiyana kwa malikisi amodzi kapena awiri ndimakutenga ngati kufanana, poti manambalawa amachokera m'mitu ya anthu. Zikatero ndimafunsa kuti cholakwika cha chiti chingakonzeke. Chikasu cha chachitatu chinali cha babu limodzi, chofanana pachithunzi chonse, ndiye chinachoka bwinobwino. Kuzizira kwa choyamba sikukanachoka. Chachitatu chinatenga malo achiwiri, n'kupita pa chikwangwani cha pakhomo.

Ndani ayenera kupereka malikisi? Ine mwini sindikwanira?

Ayi bwana, simukwanira, ndipo ngakhale ine wojambula sindikwanira. Inu mumaona ndalama imene munagulira mbale zatsopano zija. Ophika amaona nsomba imene anaikazinga bwino kwambiri. Ine ndimaona chithunzi chimene ndinavutikira. Tonse timakondera.

Pezani anthu asanu kapena asanu ndi awiri ofanana ndi amene amadya panu, amene sanaone kujambulako. Aliyense aone yekha, chifukwa pagulu woyamba kulankhula amakokera onse, makamaka akakhala wamkulu, ndipo wantchito wanu sangatsutse chimene abwana ayamikira. Musawapatse ntchito ya malikisi, imeneyo ndi yanu ndi wojambula. Iwo muwaonetse zithunzi ziwiriziwiri, kwa masekondi ochepa, n'kufunsa kuti, "Mukanaitanitsa chiti?" Musafunse kuti chokongola n'chiti, chifukwa yankho lake limakhala lina. Pa zithunzi zinayi pamakhala mapeya asanu ndi limodzi, ntchito ya mphindi ziwiri pa munthu. Muzisinthasintha cha kumanja ndi cha kumanzere kuti malo asakondere.

Afunseni asanadye. Munthu wokhuta amayamikira chitenje.

Anthuwa akasankha mosiyana ndi malikisi anu, akhulupirireni iwo, kenako bwererani mukaone chimene munaphonya. Nthawi zambiri chimakhala kuchuluka kwa chakudya.

Chithunzi chinali chabwino pafoni, koma pa menyu yosindikiza chada. Chachitika n'chiyani?

Sikirini ya foni imatulutsa kuwala kwake, pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Komanso sikirini imapanga mitundu ndi RGB, kusakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki ya mitundu inayi yotchedwa CMYK, imene siikwanitsa kutulutsa kubiriwira ndi kufiira kowala kwambiri. Zotsatira zake, malo oderako amada, masamba amazilala. Ndiye chifukwa chake kusankha komaliza kuzichitika papepala. Sindikizani zithunzi ziwiri kapena zitatu zapamwamba pa kukula kumene zidzakhale pa menyu, kwa osindikiza omwewo amene adzagwire ntchito yonse, mukaziike patebulo la m'lesitilanti mwanu, masana komanso madzulo. Kawirikawiri mndandanda umasintha apa. Chithunzi chokhala ndi tizinthu tambiri, chimene chinkakoma chitadzaza sikirini, chikachepa kufika masentimita 6 chimangokhala phala. Chokhala ndi chinthu chimodzi chachikulu chimapambana.

Onaninso kukula kwa fayilo. Osindikiza amafuna 300 dpi, timadontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi chimafuna mapikiselo pafupifupi 1,180, ndipo chodzaza tsamba lonse la A4 chimafuna 2,480 kwa 3,508. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa pafupifupi 4,000 kwa 3,000, zomwe n'zokwanira pa zithunzi zambiri za pa menyu. Chimene chimaononga ndi katumizidwe. WhatsApp imachepetsa ndi kufinya chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ndipo mukadzachidulanso m'mbali chimatsala chochepa kwambiri. Tumizani ngati Document kuti chifike chathunthu, kapena perekani pa fulashi disiki. Chojambula pa sikirini musachipereke n'komwe.

Ngati menyu idzamatidwa pulasitiki yonyezimira, yesaninso imeneyo. Pansi pa babu imathwanima, malo akuda a chithunzi n'kusanduka galasi.

Bwanji ndingotenga chithunzi chokongola pa intaneti, kapena ndiwonjezereko nyama pojambula?

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kasitomala amayerekeza mbale yake ndi chithunzi pompo, menyu ikadali patebulo, ndipo amene amakumana ndi mkwiyo wake ndi mtsikana woperekera chakudya, amene sanajambule n'komwe. Chithunzi cha pa intaneti chilinso ndi mwini wake, ndipo nsomba zake nthawi zambiri si chambo. Munthu wa ku Mangochi amazindikira asanakhale pansi.

Kukonza mbale n'kololedwa: kupukuta m'mphepete, kusankha nsomba yosathyoka, kutembenuza nthuli kuti ioneke mbali yabwino. Koma nambala ya nthuli, kukula kwa nsomba, mitanda ya nsima ndi mbale yeniyeniyo zikhale za tsiku ndi tsiku. Pa chambo samalani kwambiri, popeza kukula kwake kumasinthasintha malinga ndi zimene zapezeka pamsika. Jambulani chapakatikati. Ngati mumagulitsa chachikulu ndi chaching'ono pa mitengo yosiyana, lembani pansi pa chithunzi kuti chimenecho ndi chiti.

Zakudya zina, ngati nyemba ndi therere, sizioneka bwino ngakhale titayesetsa. Titani?

Si chakudya chilichonse chimene chimafuna chithunzi. Amene amakonda therere sadikira kuliona. Mukamaliza kusankha chopambana pa mbale iliyonse, ikani opambanawo pamodzi muwafolenso. Ine chilichonse chosafika 20 sindichiika, dzina lokha ndi mtengo zimakwanira. Chithunzi chimodzi chofooka chimatsitsa zinzake zonse patsambapo, chifukwa munthu amayamba kukayikira khitchini yonse.

Ngati nyemba ndi zimene zimakudyetsani ndipo mukufunadi chithunzi chake, ikani m'mbale yoyera yakuya, kuwala kuchokere chakumbuyo kuti msuzi unyezimire, supuni itukule pang'ono kuti njere zioneke, masamba akhale pambali. Usipa umafuna kuyandikira, uoneke umodziumodzi.

Zopambana zonse ndazipeza, koma zikakhala pamodzi sizikugwirizana. Ndisinthe chiti?

Izi zimachitika zithunzi zikajambulidwa masiku osiyana: china pa tebulo la thabwa, china pa nsalu yoyera, china chowala, china chakuda. Apa chithunzi cha nambala 2 pa mbale ina chikhoza kulowa m'malo mwa nambala 1, ngati chikufanana ndi zinzake ndipo kusiyana kwa malikisi sikukupitirira atatu. Kukapitirira apo, ndi bwino kujambulanso mbale imeneyo pa zenera lomwelo, ola lomwelo, pa tebulo lomwelo.

Malo aakulu patsamba musangowapereka kwa chithunzi cha malikisi ambiri. Apite kwa mbale imene mukufuna kuti izigulidwa, imene khitchini ingathe kutulutsa yofanana ngakhale 12 koloko anthu atadzaza, ndipo ndiwo zake sizisowa pamsika. Ngati chithunzi cha mbale imeneyo chili chachitatu pa mndandanda, jambulani chimenecho kachiwiri m'malo mokweza china.

Zithunzi zimenezi zikhala mpaka liti?

Mpaka mbale itasintha. Mukasintha mbale zoperekera, mukachepetsa nthuli chifukwa mitengo yakwera, kapena ophika atsopano akamayala mwa njira yawo, chithunzi chatha ntchito ngakhale pepala likadali latsopano. Pa chifukwa chimenechi sungani mafayilo oyambirira a zithunzi zonse zinayi kapena zisanu zija pamodzi ndi malikisi ake, ndipo lembani zenera ndi ola limene munajambulira. Mitengo musailembe pamwamba pa chithunzi. Ikhale pambali, pamalo oyera, kuti ikadzasintha mudzangomata kapepala popanda kuphimba mchira wa nsomba.